Ndalama za M'bokosi Si Zako, Mwana Wanga

   

Lero ndabwera ndi kalata. Kalatayi analemba ndi mayi wina amene wakhala akugulitsa m'golosale kwa zaka zambiri. Analembera mwana wake wamwamuna. Mayina awo sinditchula, chifukwa nkhaniyi si ya banja limodzi. Mukamamva, ena muganiza kuti mayiyu anasuzumira m'sitolo yanu.

Nkhani yake inayamba chonchi. Mnyamatayu atakwatira, mayi ake anamupatsa mpamba. Anatsegula golosale yakeyake pa tauni ina yaing'ono ya m'mbali mwa msewu. Malo abwino. Makasitomala osasowa. Koma chaka chisanathe, anaimba foni kwa mayi ake. Anati, "Amayi, bizinesi yavuta. Katundu watha m'mashelefu. Mundiwonjezereko mpamba."

Mayi aja sanayankhe pafoni. Anakwera minibasi, n'kukacheza kwa mwana wawo masiku angapo. Anakhala pabenchi kuseri kwa kauntala, maso ali tcheru, pakamwa ali chete. Atabwerera kwawo, anatenga cholembera.

Ndiwerenga kalatayi m'zigawo zinayi. Pakati pake tizipumira, n'kumakambirana. Funso lathu lero ndi limodzi. Kodi ndalama zimene zili m'bokosi la m'sitolo ndi za yani?

Tiyeni tiyambe ndi chigawo choyamba. Mayi akuti:

"Mwana wanga wokondedwa, ndafika bwino kuno kumudzi. Undithokozere mpongozi wanga chifukwa cha kundisamala. Tsopano khala pansi umve. Unandiuza kuti bizinesi yavuta. Ine ndaona ndi maso anga kuti anthu akugula. Vuto si makasitomala. Vuto ndi dzanja lako.

"M'mawa unatenga ndalama m'bokosi kukagula mayunitsi. Masana unatumiza mwana kukagula chipisi. Madzulo mpongozi wanga anabwera kudzatenga mafuta ophikira, sopo ndi paketi ya shuga. Mnzako wina anadzakupempha ya kabaza, unamupatsa. Loweruka ndinakuona ukutapa zobetchera mpira. Palibe chimene unalemba. Nditakufunsa unati, 'Amayi, sitolo ndi yanga, ndikudziberanso ndekha?' Inde, mwana wanga. Sitolo ndi yako. Koma ndalama za m'bokosi si zako. Zambiri mwa izo ndi za katundu amene wachoka pashelefu, ndipo zikudikira kukamubweza."

Omvera, mwawamva mawu amenewo? Sitolo ndi yako, koma ndalama za m'bokosi si zako. Pongowamva akumveka ngati mwambi wovuta. Koma mayiyu sanasiyire pamenepo. Anatenga chitsanzo cha shuga. Tamvani.

"Tenga belo limodzi la shuga. Muli mapaketi 20. Tiyerekeze kuti wagulitsa onse. Ndalama za mapaketi 18 ndi zimene unalipira pooda. Zimenezo zibwerere kukagula belo lina. Ndalama za paketi imodzi zithera pa thiransipoti, lendi, msonkho wa khonsolo ndi majumbo okulungira. Yatsala paketi imodzi. Imeneyo ndiyo phindu lako. Paketi imodzi pa belo lonse."

Tiime kaye apa. Mwina kwanu phindu la shuga limaposa pamenepo. Mwina limachepera. Zimatengera kumene mumaoda ndiponso kutalika kwa ulendo. Koma aliyense wogulitsa shuga, mchere, sopo kapena mafuta akudziwa kuti phindu la katundu wotere ndi lopyapyala. Amayenda msanga, koma amasiya zochepa.

Tsono taganizani. Mayi a kunyumba abwera, atenga paketi imodzi ya shuga pashelefu. Osalipira, osalemba. Mwataya chiyani? Inu mukuti mwataya paketi imodzi. Ayi. Mwataya phindu la belo lonse. Mwanyamula belo kuchokera ku holoselo, mwaima pakauntala, mwagulitsa mapaketi ena onse, mwabweza chenje, ndipo mwagwira ntchito yaulere. Akatenga awiri, paketi yachiwiriyo yadya phindu la belo limene simunaodebe.

Ndibwereze. Paketi imodzi yochoka mwakachetechete imadya phindu la belo lonse.

Mayiyu ndi mlimi, monga ambiri a ife. Ndiye anamukumbutsa mwana wake za chimanga. Akuti:

"Unakulira pakhomo pamene tinkasunga chimanga cha mbewu pachokha. Njala ikafika mu Januwale, mbewu inali itapita kale m'nthaka. Koma mu Okutobala, ufa ukachepa, palibe amene ankayerekeza kupita ndi mbewu kuchigayo. Mpamba ndi mbewu. Phindu ndiye chakudya. Iwe wakhala ukugayitsa mbewu, ndiye ukudabwa kuti munda uli mbee."

Icho chinali chigawo choyamba. Mfundo yake ndi yakuti ndalama zolowa sizili phindu. Bokosi likadzaza madzulo, musati mwalemera. Zambiri mwa ndalamazo zili ndi ntchito kale.

Tsopano tipite ku chigawo chachiwiri. Kodi munthu angadziwe bwanji kuti wayamba kudya mpamba? Pajatu mpamba sutha tsiku limodzi. Umatha pang'onopang'ono, mwini wake akumwetulira. Mayi akufotokoza zimene anaona.

"Pamene unkatsegula, unkaoda mabelo atatu a shuga ulendo umodzi. Kenako awiri. Tsiku lija tinapitira limodzi ku holoselo, unapempha theka la belo. Mitengo yakwera, inde. Koma mnzako wa golosale yoyandikana nawe akuodabe monga kale, ndipo mitengo yamukwerera chimodzimodzi.

"Ndinaonanso mmene wayalira katundu. Sopo wamutalikitsa kuti aoneke wambiri. Mzere wakutsogolo uli ndi mabotolo, kumbuyo kulibe kanthu. Pashelefu yapamwamba waikapo makatoni opanda kanthu. Wodutsa pamsewu akuona sitolo yodzaza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

"Ndinamvanso mawu akuti 'zatha' kambirimbiri. Mayi wina anafuna machesi, unati atha. Mwana anafuna makandulo, unati abwere mawa. Kasitomala ukamuuza kuti zatha kawiri, kachitatu sabwera. Amapita kumene akapeze zonse pamodzi, ndipo amapita ndi ndalama za shuga zomwe."

Omvera, tadzifunsani. Kodi oda yanu ya mwezi uno ikufanana ndi ya miyezi itatu yapitayo? Musawerenge ndalama. Werengani katundu. Mabelo angati? Makatoni angati? Zigubu za mafuta zingati? Ngati makasitomala sanachepe koma oda ikuchepa, pali dzanja limene likulowa m'bokosi.

Pali chizindikiro china chimene mayiyu anachitchula, ndipo ndi choopsa kuposa zonse. Ndicho kukongola ndalama zokaodera katundu yemwe mumagulitsa kale. Kukongola kuti muwonjezere katundu watsopano ndi nkhani ina. Koma ngati mwagulitsa shuga yense, ndipo mukufuna ngongole kuti mugule shuga yemweyo, ndalama za shuga woyamba zapita kuti? Apa mpamene ambiri amathamangira ku banki mkhonde. Ena amagwa m'manja mwa akatapila. Ndiye phindu lopyapyala lija liyambe kulipira chiwongola dzanja. Lingakwanitse? Paketi imodzi pa belo singadyetse banja n'kudyetsanso katapila.

Choncho zizindikiro ndi zimenezi. Oda ikuchepa. Mashelefu akuyalidwa mobisa manyazi. Mawu akuti "zatha" achuluka. Ndipo ngongole yayamba kugula katundu amene anayenera kudzigula yekha.

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikuwerenga kalata ya mayi wa golosale kwa mwana wake. Mutu wake ndi wakuti ndalama za pakhomo zisiyane ndi ndalama za bizinesi. Taona chifukwa chake. Taona zizindikiro. Tsopano tafika pa chigawo chachitatu, pamene pali mankhwala ake.

Mayi akuyamba ndi kuwerenga. Akuti:

"Usanachite china chilichonse, dziwa kuti sitolo yako ili ndi zingati. Sankha tsiku limodzi pa mwezi, ndipo lizikhala lomwelo mwezi uliwonse. Tseka chitseko. Werenga katundu yense, kuyambira mabelo mpaka masingano. Umuwerengere pa mtengo woodera, osati wogulitsira, chifukwa phindu la katundu amene sanagulidwe silinabadwe. Uwonjezere ndalama za m'bokosi ndi za mufoni ya bizinesi. Uwonjezerenso ngongole zimene anthu ali nazo kwa iwe, koma zokhazo zimene ukudziwa kuti zibwera. Ngongole ya malume ako ya chaka chatha usaiwerengere. Ukatero uchotse zimene iwe uyenera kulipira ena. Chotsalacho ndiwo mpamba wako weniweni."

Ndikudziwa kuti manambala pawailesi amatopetsa. Koma ndiloleni ndipereke chitsanzo chimodzi chokha, chifukwa mayiyu anachilemba momveka. Tcherani khutu.

Tiyerekeze kuti kumayambiriro kwa mwezi mwawerenga, mwapeza mpamba wa K600,000. Mwezi watha. Mwawerenganso, mwapeza K570,000. Mpamba watsika ndi K30,000. Kodi sitolo yaluza? Musafulumire. Tsegulani kope limene mwalemba zonse zimene zapita kunyumba. Mwapeza kuti pakhomo patenga ndalama ndi katundu wokwana K90,000.

Ndiye chachitika n'chiyani? Sitolo inapanga phindu la K60,000. Pakhomo panadya phindu lonselo. Panadyanso K30,000 ya mpamba. Sitolo sinaluze. Sitolo inagwira ntchito yake bwinobwino. Pakhomo ndi pamene panatenga zoposa zimene sitolo inabereka.

Mwaona ubwino wa kulemba? Popanda kope, mwini sitolo angangoti bizinesi yavuta. Angaloze chala mnyamata womuthandiza. Angakayikire mkazi wake. Ena amafika poganiza kuti woyandikana nawo ali ndi chitaka. Pamene nkhani yonse ili mu chipisi, mayunitsi ndi sopo wosalembedwa.

Tsopano mwadziwa phindu. Chotsatira n'chiyani? Mayi akuti, dzilembe ntchito.

"Mwana wanga, ukanalemba mnyamata wogulitsa, ukanamulola kutapa m'bokosi nthawi iliyonse akamva njala? Ukanamuthamangitsa tsiku lomwelo. Ukanamuikira malipiro ndi tsiku lolandira. Nawenso dziikire malipiro. Pa phindu la K60,000, tenga K40,000. Uzilandira K10,000 Loweruka lililonse madzulo, ukatseka. Ulembe m'kope kuti walandira. Zikalowa m'thumba mwako, ndi zako. Gula chipisi, gula mayunitsi, sindikufunsa. Zikatha Lachinayi, dikira Loweruka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Nanga K20,000 yotsalayo? Mayi akuti igawidwe pawiri. Theka likhale thumba la mavuto, ndipo tilikamba posachedwa. Theka lina litsale m'sitolo. Chifukwa chiyani litsale? Chifukwa mitengo simaima. Mukukumbukira mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti? Amene anagulitsa katundu wawo pa mtengo wakale, n'kudya phindu lonse, atapita ku holoselo anapeza kuti ndalama zawo sizikukwana kubweza katundu yemwe uja. M'kope mpamba unali womwewo. Pashelefu unali utachepa. N'chifukwa chake mayiyu akuti mpamba uziyezedwanso ndi katundu. Ngati chaka chatha unkagula mabelo khumi ndipo lero ukugula asanu ndi atatu, mpamba watsika, ngakhale manambala a kwacha atakwera.

Atatha za malipiro, mayi akufika pa matumba awiri.

"Ndalama za sitolo zikhale ndi nyumba yake. Za pakhomo zikhalenso ndi yake. Zisagone m'thumba limodzi la buluku, ngakhale usiku umodzi. Pafoni chimodzimodzi. Ndinaona kuti makasitomala akulipira pa nambala yako ya Airtel Money, yomweyo imene umagulira bandulo ndi kutumizira anzako. Pezako nambala ina ya sitolo yokha, kaya ya Airtel Money kaya ya TNM Mpamba. Ndalama za pafoni zimathawa msanga kuposa za m'manja, chifukwa suziona zikuchoka."

Ndipo pa nkhani ya katundu wa pashelefu, mayi sanazungulire.

"Mpongozi wanga akafuna shuga, agule. Abwere ndi ndalama zochokera pa malipiro aja, alipire monga kasitomala aliyense. Usachite manyazi. Ine bambo ako ankagula fodya m'golosale yanga ndi ndalama zawo, ndipo ukwati sunathe. Ngati tsikulo palibe ndalama, tengani katunduyo, koma mulembe m'kope, ndipo Loweruka muchotsere pa malipiro. Ndipo usamubisire mkazi wako kopelo. Mukhale naye pansi powerenga katundu. Munthu amene waona yekha kuti phindu la belo ndi paketi imodzi satenganso shuga mwachisawawa. Ukamuletsa osamuonetsa, adzati ndiwe woumira, ndipo adzakhala ndi chifukwa."

Omvera, mwamva zinthu zinayi. Werengani katundu mwezi ndi mwezi. Dziikireni malipiro. Siyanitsani matumba. Lembani chilichonse chotuluka. Kope la ana a sukulu ndi cholembera chimodzi zakwana.

Koma ndikumva wina akuyankha kumene aliko. Akuti, "Zonsezo n'zabwino. Koma moyo wathu uno suyenda ndi kope. Kukagwa maliro? Mwana akadwala usiku? Achibale akabwera?" Funso labwino. Mayiyu sanalizembe. Chigawo chachinayi ndi cha zimenezo.

"Mwana wanga, sindikuti ukhale munthu wouma mtima. Kwathu kuno wa golosale ndiye amene anthu amamuthamangira. Kukagwa zovuta, amayang'ana iwe. Uyenera kupepesa maliro. Uyenera kuthandiza mlongo wako. Koma thandizo lichokere m'thumba mwako kapena m'thumba la mavuto lija. Ukatero udzadziwa pamene dzanja lako lalekezera. Ukamapereka kuchokera m'bokosi, sudziwa malire, chifukwa bokosi limaoneka lodzaza tsiku lililonse. Udzapereka mpaka sitolo idzatsekedwa. Ndiye chaka chamawa mlongo wako yemweyo adzathandizidwa ndi yani?"

Tamvetsani bwino apa. Mayiyu sakuletsa kupatsa. Akuteteza kupatsa. Sitolo imene yakhalapo zaka khumi imathandiza abale ambiri kuposa imene inagawidwa yonse m'chaka chimodzi.

Nanga wachibale akafika pakauntala n'kunena kuti, "Tandipatsa sopo, ndiwe mwana wathu"? Mayi akupereka yankho losavuta. Tulutsa ndalama m'thumba mwako iye akuona. Ika m'bokosi. Kenako mupatse sopoyo. Walandira mphatso, ndipo waphunzira kuti ngakhale mwini sitolo amagula. Palibe mawu oipa amene alankhulidwa.

Koma pali masiku ena amene thumba la mavuto silikwana. Mwana wadwala pakati pa usiku, pakufunika galimoto yopita kuchipatala. Pamenepo mayi akuti:

"Moyo uposa sitolo. Tenga ndalamazo, thamanga. Koma ukabwerako, lemba. Lemba kuti wakongola ku sitolo, tsiku lakuti, ndalama zakuti. Uzibweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro ako, monga ukanabwezera munthu wina. Chimene chimapha bizinesi si kutenga pa tsiku la tsoka. Ndi kutenga n'kuiwala."

Za fizi ya sukulu, mayi akuti imeneyo si ngozi. Teremu imadziwika tsiku lotsegulira. Ndiye fizi isungidwe sabata ndi sabata kuchokera pa malipiro, kapena ku banki mkhonde. Isadikire tsiku lomaliza kuti idzazule mpamba wa mwezi wonse. Feteleza chimodzimodzi. Mvula imabwera chaka chilichonse, ndipo sidzidzimutsa munthu.

Tsopano pali mfundo ina imene ambiri saiganizira. Kusakaniza ndalama kuli mbali ziwiri. Tazolowera kunena za ndalama zochoka m'sitolo kupita kunyumba. Nanga zochoka kunyumba kulowa m'sitolo? Mayi anazionanso zimenezi.

"Unandiuza kuti utagulitsa soya wako, ndalama zonse unaodera katundu. Sunalembe. Mashelefu anadzaza, unasangalala, unati bizinesi yadzuka. Sinadzuke. Soya ndi amene anabisa dzenje. Ukaika ndalama zako m'sitolo, lembanso. Ukapanda kutero, sudzadziwa ngati sitolo ikukudyetsa kapena ndiwe amene ukuidyetsa."

Amenewo ndi mawu olemera, omvera. Pali anthu ogwira ntchito amene mwezi uliwonse amathira malipiro awo m'golosale ya pakhomo. Pali alimi amene amathira za fodya ndi za mtedza. Sitolo imaoneka yamoyo zaka zingapo. Tsiku limene ntchito yatha, kapena chaka chimene mvula yavuta, sitolo imagwa nthawi yomweyo. Anthu amadabwa. Koma inali itagwa kale. Inkangogwiriziridwa.

Ndiyeno tifike pa funso lovuta kwambiri. Bwanji ngati mwawerenga zonse, ndipo mwapeza kuti phindu ndi lochepa moti silingadyetse banja? Pa chitsanzo chathu chija, K10,000 pa sabata ndi yochepa. Tonse tikudziwa mitengo ya ndiwo ndi makala. Kodi kope lithetsa njala?

Ayi. Kope silichulukitsa phindu. Mayiyu akuvomereza zimenezo poyera.

"Mwina upeza kuti sitolo yako ndi yaing'ono kuposa banja lako. Zimenezo si zamanyazi. Koma uzidziwe lero, mpamba ukadalipo. Ukadziwa, uli ndi zosankha. Ungalimbikire dimba kuti ndiwo zisamachokere m'bokosi. Mpongozi wanga angamaphike mandasi ndi mpamba wakewake, ndi kope lakelake. Ungaone katundu amene amasiya phindu lokulirapo, n'kuchepetsa amene amangogona pashelefu. Ungachepetse zina za pakhomo kwa miyezi ingapo kuti sitolo ikule. Koma ukapitiriza kutapa osawerenga, sitolo idzakudyetsani bwino chaka chimodzi, kenako sidzakudyetsaninso mpang'ono pomwe."

Apa ndi pamene ine ndikuona nzeru za mayiyu. Sakulonjeza chuma. Akungofuna kuti mwana wake aone zoona nthawi ikadalipo. Madzi akatayika saoleka. Mpamba ukatha, kuupezanso n'kovuta kuposa kuusunga.

Mwina mukufunsa kuti, nanga pempho lija? Mnyamata anapempha mpamba wowonjezera. Mayi anayankha bwanji? Tamvani mmene kalata ikuthera.

"Za ndalama zimene wapempha, yankho langa ndi ili. Pakali pano sinditumiza. Si kuti ndilibe, ndipo si kuti sindikukonda. Ndikatumiza lero, zidzatuluka pa khomo lomwe zinatulukira zoyamba. Werenga katundu wako sabata ino. Dziikire malipiro. Lemba zonse kwa miyezi itatu. Ukatero ubwere ndi kopelo, ubwere ndi mpongozi wanga, tidzakhale pansi. Ndikadzaona kuti mpamba waima, ngakhale usanakule, ndidzakuwonjezera ndi mtima wonse. Upereke moni kwa onse. Ndine mayi ako."

Kalata yathera pamenepo.

Ena a inu mukuti mayiyu ndi wouma mtima kwambiri. Ine ndikuti ndi mayi wachikondi. Kupereka ndalama kukanakhala kosavuta. Mwana akanathokoza, foni ikanatha mwamtendere. Koma pakanatha miyezi ingapo, foni ikanaliranso. Mayiyu anasankha kupereka chinthu chimene chamusungira golosale yake zaka zonsezi. Paja akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera.

Tisanatsanzikane, tikumbutsane zimene tamva. Ndalama za m'bokosi si zanu zonse. Zambiri ndi za katundu amene ayenera kubwerera pashelefu. Zanu ndi phindu, ndipo phindu limadziwika powerenga, osati poyang'ana. Dziikireni malipiro, ndipo akhale ochepera phindu. Siyanitsani matumba, a m'manja ndi a pafoni. Lembani chotuluka, lembaninso cholowa. Pa tsiku la tsoka tengani, koma mubweze.

Izi si za a golosale okha. Mayi wa tomato, ndi zanu. Bambo wa kaunjika, ndi zanu. Mnyamata wa kabaza, ndalama za tayala ndi za sevisi si za kanyenya. Mtsikana wa saluni, ndalama za mankhwala a tsitsi si za ndiwo.

Ndikusiyireni ntchito imodzi. Kuyambira mawa m'mawa, kwa sabata imodzi, musasinthe chilichonse. Tengani monga mumatengera. Koma chilichonse chochoka m'bizinesi kupita kwa inu, kwa banja kapena kwa mnzanu, chilembeni. Ngakhale bokosi la machesi. Sabata ikatha, phatikizani. Kenako muyerekeze ndi phindu limene mumapeza pa sabata. Nambala imeneyo idzakuuzani ngati mukudya phindu kapena mpamba, ndipo mudzadziwa pamene malipiro anu ayenera kuyambira.